Amayankha mawu awiri koma sachoka: ndi manyazi kapena sandifuna?

Wa ku Mtendere: Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi zaka 27, ndimakonza mafoni pafupi ndi City Market. Kukwaya kwathu kunabwera mtsikana wa ku Katete mwezi wa Febuluwale. Amakhala ndi azakhali ake ku Kalingalinga ndipo akuphunzira kusoka. Timaphunzira nyimbo Lachinayi, timaweruka 17 koloko. Anthu akamabalalika iye amaima pageti pa tchalitchi, ine n'kupita kukamulonjera. Timaima pamenepo mphindi 20, tsiku lina mpaka 30. Koma mayankho ake ndi awa: "Mwachoma bwanji?" "Bwino." "Zosoka zikuyenda?" "Eee." "Kumudzi mwamvako?" "Ali bwino." Maso ali pansi, zala zikupotokola nsonga ya chitenje. Papita miyezi itatu tsopano, ndipo sanachokepo n'kamodzi komwe kundisiya ndili chiimire. Pa WhatsApp amayankha ola lisanathe, koma mawu atatu basi, ndipo sanayambepo iye kundilembera. Ndikuopa zinthu ziwiri: kumuvutitsa mwana wa eni ngati sandifuna, ndi kumusiya ngati ali chabe ndi manyazi. Ndidziwa bwanji?

Bwana Kondakitala: Achimwene, apa palibe chovuta. Mkazi amene sakufuna sataya mphindi 30 pa iwe. Ine ndimaona anthu tsiku lonse pa Kulima Tower, munthu amene safuna kulankhula nawe amatulutsa foni kapena kunena kuti basi ikundisiya. Ameneyo akukufunani. Muuzeni mawu Lachinayi likubwerali, mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tisa wa Kabwata: A Kondakitala, ayi. Ndinagwira ntchito zaka ziwiri m'kabokosi kotumizira ndalama pa foni. Panali bambo wina ankabwera madzulo aliwonse, kutumiza K50, kenako kutsamira pawindo ola lathunthu. Ndinkayankha "eee", "iyayi", "bwino", ndipo sindinkachoka. Ndikanachoka kupita kuti, ndalama za abwana zili m'kabati? Iye ankauza anzake kuti mtsikana uja ndi wamanyazi koma amandikonda. Ine mtima unkagunda ndikangomuona akuwoloka msewu, osati chifukwa cha chikondi. Kukhala kwa munthu kumanena kanthu pokhapokha ngati akanatha kuchoka popanda vuto. Ndiye a ku Mtendere, funso langa ndi limodzi: pageti pamenepo amaimirira chiyani? Inu musanafike, amakhala akudikira ndani?

Amake Taonga: Mwananga, ngati mkazi wako wasiya kulankhula m'nyumba, usalimbane naye pa foni. Itana ankhoswe mukhale pansi. Mkazi sakhala chete popanda chimene chamulasa.

Tisa wa Kabwata: Amake Taonga, sanakwatirane, ngakhale kufunsira sanafunsire. Ndi mtsikana wa kukwaya chabe.

Amake Taonga: Oo, pepani ana anga, ndinawerenga mothamanga ndili ndi poto pambaula. Koma poti mwati ndi wa ku Katete, ndinenepo. Ine ndine mlangizi, kwathu ndi ku Chadiza. Mwana wamkazi amene analangizidwa bwino kumudzi timamuuza kuti mwamuna kapena wamkulu akamalankhula usamuyang'ane m'maso, usamudule mawu, ndipo usachoke iye asanamalize. Ndiye maso pansi, mawu ochepa, kusachoka, zonse zitatuzo ndi mwambo. Angachite zomwezo kwa abusa, kwa amalume ake, ngakhale kwa munthu amene samufuna n'komwe. Inu ana a muno mu Lusaka mumaona ngati ndi chizindikiro, pomwe ife tinangomuphunzitsa ulemu.

Wa ku Mtendere: Alongo a ku Kabwata, funso lanu landikhalitsa pansi. Azakhali ake amakhala pamsonkhano wa amayi tsiku lomwelo, amatuluka cha m'ma 17:30, ndipo amapita limodzi kunyumba. Ndinkadziwa, koma sindinaziphatikizepo. Ndiye kuti miyezi itatu yonseyi ndakhala ndikumutsekereza pamalo amene sangachokepo?

Tisa wa Kabwata: Mwina inde, mwina ayi. Chimene tadziwa n'chakuti mphindi 30 zija si umboni. Koma atha kudikira azakhali m'kati mwa tchalitchi ndi atsikana anzake. Amatero nthawi zina?

Wa ku Mtendere: Poyamba ankakhala pabenchi m'kati ndi anzake a soparano. Pageti anayamba kuima cha mu Epulo.

Bwana Kondakitala: Mwaona! Ndinanena ine.

Madamu a ku Chelstone: Ndikhaleko pakati panu. Ndine mphunzitsi, ndipo pasukulu pathu ndine amene ndimakhala ndi ana ofuna uphungu, choncho ana osalankhula ndimakhala nawo tsiku ndi tsiku. Chinthu choyamba chimene anthu amasokoneza n'chakuti amaganiza kuti wamanyazi ndi munthu wosafuna anthu. Si choncho. Mu 1981 akatswiri awiri a ku America, Jonathan Cheek ndi Arnold Buss, anaonetsa kuti manyazi ndi kufuna kucheza ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo munthu mmodzi angakhale nazo zonse. Anaika anthu osadziwana awiriawiri kuti acheze mphindi zisanu. Amene anavutika kwambiri sanali amene safuna kucheza ayi. Anali amene ali ndi manyazi koma akufunitsitsa kucheza. Iwowo ndi amene analankhula pang'ono, kuthawitsa maso kwambiri, ndi kumadzigwiragwira. Mtima wina ukumukokera kwa munthu, wina ukumubweza, ndiye amangoima pakati, thupi lili gwa.

Munthu amene alibe nawe chidwi savutika chotero. Amakhala womasuka ndithu. Amayankha mwachidule koma mawu ali phee, maso akuyenda kwina, akuona minibasi zikudutsa, ndipo mpata wochoka ukangopezeka amautenga mosavuta. Ndiye kupotokola chitenje kuja kukundiuza kuti mtsikanayu si womasuka pamaso panu. Chovuta n'chakuti kusamasuka kuli ndi magwero awiri. Wina amanjenjemera chifukwa akukufuna, wina chifukwa akukuopa, monga ananenera Tisa. Ukangoyang'ana zala sungasiyanitse.

Wa ku Mtendere: Nanga ndisiyanitsa bwanji, Madamu?

Madamu a ku Chelstone: Osati ndi tsiku limodzi, ndipo osati ndi maso okha. Ku yunivesite ya Kansas, Jeffrey Hall ndi anzake anachezetsa anyamata ndi atsikana osadziwana kwa mphindi pafupifupi khumi, kenako anafunsa aliyense ngati mnzakeyo amaonetsa kumufuna. Pamene mnzakeyo ankaonetsadi, olondola anali 28 okha pa 100 aliwonse. Awo anali ana a sukulu a ku America, osati mwana wa ku Katete, koma phunziro lake ndi lomwelo kwa ine: kuwerenga nkhope timalephera kwambiri kuposa momwe timaganizira. Chimene chimathandiza ndi kuona zimene zimasintha.

Manyazi amasungunuka. Mwana wamanyazi m'kalasi mwanga temu yoyamba amangogwedeza mutu, yachiwiri amayankha chiganizo chathunthu, yachitatu amabwera yekha kudzandiuza kuti agogo ake akudwala. Wopanda chidwi amakhala chimodzimodzi Januwale mpaka Disembala. Ndiye musawerenge mawu ake a Lachinayi lapitali okha. Yerekezani Febuluwale ndi lero. Pali kanthu kamene amawonjezera pa "bwino" wake? Anakumbukirapo chinthu chimene munamuuza sabata yapita? Munthu wina akakudulani nkhani, iye amaibwezeretsa, kapena amaisiya ife?

Wa ku Mtendere: Kukumbukira amakumbukira. Ndinamuuza kamodzi kuti mayi anga ali ndi vuto la shuga. Patapita masabata awiri anafunsa kuti, "Amayi?" Mawu amodzi omwewo. Ndinayankha, iye n'kungoti "chabwino", basi.

Mjomba Zulu: Mawu amodzi amenewo musawapeputse. Ine ndine mmodzi wa anthu amene mukuwakambawa. Ndili ndi zaka 44, ndine kalipentala ku Garden, ndipo mpaka lero ndikalowa pagulu lilime limauma. Mkazi wanga ndisanamukwatire ankagulitsa vitumbuwa pafupi ndi pamene ndinkagwira ntchito. Ndinkagula ziwiri m'mawa uliwonse ngakhale ndadya kale, n'kuima pamenepo. Iye ankalankhula, ine "eee", "zoona". Usiku ndinkakonza mawu onse m'mutu, m'mawa ndikafika pamaso pake onse athawa. Funso limodzi ngati "amayi ali bwanji" ndinkalinyamula masiku atatu. Anthu amaganiza kuti mutu wa wamanyazi uli zii. Muli phokoso lalikulu, ukudzimvetsera wekha, ukudziweruza, mpaka nthawi yoyankha yadutsa.

Chimene chinandimasula ine n'chakuti tsiku lina benchi yake inathyoka mwendo, anandipempha ndiikonze. Manja ali pa ntchito, maso ali pa msomali, ndinalankhula ola lathunthu osadziwa. Ndiye inu achimwene, kuima maso ndi maso pageti, amayi a mumpingo akudutsa, ndi malo oipitsitsa kwa munthu ngati ine. Ndipo mafunso anu aja ndi a kupolisi. "Zosoka zikuyenda?" ayankha chiyani kupatula "eee"? Mufunseni chinthu chimene iye akudziwa kuposa inu. Mufunseni kuti kolala ya shati imasokedwa bwanji kuti iime. Mukafunsa, khalani chete. Werengani mpaka khumi mumtima. Anthu olankhula mumaopa bata, mumalidzaza msanga ndi funso lina, ife tili pakati pokonza yankho loyamba.

Nyamazai: Pali chinanso chimene palibe wanena. Ine ndinabwera ku Lusaka kuchokera ku Petauke ndili ndi zaka 19. Chaka choyamba ndinkangoti "eee" ndi "iyayi" kwa aliyense, osati chifukwa cha manyazi a chibadwa. Kwathu ndinali wolongolola. Koma nditangotsegula pakamwa pa Soweto anthu anaseka, ati wabwera ndi basi ya m'mawa. Chinyanja cha muno n'chosakaniza ndi Chibemba ndi Chingelezi, ndipo amene amalankhula cha kumudzi amamuyesa wotsalira. Mtsikana wa ku Katete amalankhula Chichewa chenicheni chakuya. Mwina akuopa kuti mnyamata wa mutauni amuseka. Inu mumalankhula naye chiyani?

Wa ku Mtendere: Cha mutauni, ndi Chingelezi pang'ono. Ndinabadwira konkuno, koma agogo anga ndi a ku Chipata, cha kumudzi ndimachimva bwino, kungoti sindichilankhula kawirikawiri.

Nyamazai: Yesani. Ngakhale muphonye, aseke iye m'malo moopa kusekedwa.

Bwana Kondakitala: Inu mukuchulukitsa sukulu pa nkhani yaing'ono. Makolo athu ankawerenga mpaka khumi? Mkazi amakana poyamba, ndi mwambo wake, mwamuna umalimbikira mpaka alole. Mukachedwa wina wa galimoto amutenga.

Tisa wa Kabwata: Mawu amenewo ndi amene anandisiyitsa ntchito ija. Bambo uja nditamuuza kuti sindifuna, anati akazi mumatero poyamba. Anayamba kundidikira pa siteshoni.

Amake Taonga: A Kondakitala, theka mwanena zoona. Kale mtsikana sankavomera tsiku lomwelo, ankati "ndikaganize" kapena "mukaonane ndi amalume", kuti asaoneke wotchipa. Koma panali njira yodziwira. Mnyamata ankatuma mlongo wake kapena mnzake wa mtsikanayo, ndipo kwa mkazi mnzake mtsikana ankanena zoona zake. Akati sindimufuna, nkhani inkathera pomwepo, akulu sankalola kuti uzimuzungulira. Kulimbikira kumene mukunena inu, kopanda wapakati, kopanda akulu, si mwambo wathu. Mwananga wa ku Mtendere, kukwayako kulibe mtsikana wamkulu amene amagwirizana naye?

Madamu a ku Chelstone: Njira ya wapakati ndimaivomereza, koma mosamala. Kwaya ndi mudzi waung'ono. Mukatuma munthu wolakwika, Lamlungu soparano yonse ikudziwa, ndipo wamanyazi akangodziwa kuti anthu akumuyang'ana amatsekeratu chitseko, ngakhale amakufunani. Ine ndikanayamba ndi chinthu chimene sichimuika pa maso a anthu. Mupatseni khomo lotulukira, lotseguka bwino, muone ngati atulukira.

Lachinayi likubwerali mulonjereni mwaulemu monga mwa masiku onse, mphindi ziwiri, kenako nenani kuti, "Ndisakuchedwetseni, ndikukapanga mipando m'kati." Pitani ndithu mukapange mipandoyo. Musakwiye, musazizire, musachite ngati mukumulanga, chifukwa wamanyazi amafulumira kuganiza kuti walakwa. Mwangochotsa mwambo uja wa Amake Taonga woti asachoke wamkulu asanamalize, chifukwa mwamaliza ndinu. Ngati ankaima chifukwa cha ulemu kapena mantha, apuma, ndipo sabata yotsatira mudzamupeza wabwerera pabenchi ndi anzake. Ngati ankaima chifukwa cha inu, adzapeza njira yake yaing'ono: kubwera kudzagwira mpando, kapena kulemba uthenga usiku. Musayembekezere chachikulu. Ndipo kamodzi sikakwanira, munthu angakhale ndi mutu tsiku limenelo. Kawiri kapena katatu.

Mjomba Zulu: Apa Madamu ndikutsutsaniko pang'ono. Mkazi wanga akanandichita zimenezo, ine ndikanaganiza kuti watopa nane, ndipo sindikanabweranso kudzagula vitumbuwa. Sindikanamutsatira kumipando, miyendo ikanakana. Mukanandiwerenga kuti ndilibe chidwi, pomwe ndikufa nacho.

Madamu a ku Chelstone: Zoona a Zulu, ndipo ndi malire a njira imeneyi. Akabwera, mwadziwa kanthu. Akapanda kubwera, simunadziwe zonse. N'chifukwa chake khomo lotulukira liyende pamodzi ndi khomo lolowera: "Ndikukapanga mipando, mukafuna mubwere tithandizane, mukafuna dikirani azakhali, zonse zili bwino." Wamanyazi amafuna kuitanidwa momveka. Koma ngakhale zitatero, pamapeto pake palibe chizindikiro chimene chimalowa m'malo mwa kufunsa. Safunsa anadya phula. Kungoti funsolo likhale loti "ayi" atuluke mosavuta, ndipo akatuluka mumulandire ulendo woyamba womwewo.

Wa ku Mtendere: Zikomo nonse. Ndiyesa, ndidzabwera kudzakuuzani.

Wa ku Mtendere: Ndabweranso, papita masabata atatu. Lachinayi loyamba ndinachita monga ananenera Madamu, ndi mawu oitana aja. Sanabwere. Anaima pageti yekha mpaka azakhali anatuluka. Mtima unandiwawa, ndinati basi Tisa ananena zoona. Usiku sanalembe. Lachiwiri lotsatira, 21 koloko, uthenga unalowa, woyamba chiyambire kuchokera kwa iye: "Foni ya azakhali siikutchaja. Mungaione?" Ndinati abwere nayo kukwaya. Anati ayi, abwera nayo yekha kuntchito kwanga Loweruka, popeza akupita ku Kamwala kukagula nsalu.

Anabwera. Vuto linali fumbi ndi ulusi zodzaza pakamwa potchajira, ntchito ya mphindi zisanu. Ndinamupatsa mpando pambali panga, osati kutsogolo, maso anga ali pa foni. Ndinakumbukira a Zulu, ndinafunsa za kolala, m'Chichewa cha agogo anga. Anaseka kaye, anandikonza mawu amodzi, kenako anafotokoza za kansalu kolimba kamene amamatira m'kati ndi simbi, ndi momwe amadulira nsonga kuti kolala ikatembenuzidwa isatupe. Analankhula mwina mphindi zitatu osaima. Foni itatha ndinamuuza kuti yatha, palibe cholipira, angapite asachedwe ku Kamwala. Anakhala mphindi zina 40.

Bwana Kondakitala: Nanga si zomwe ndinanena tsiku loyamba? Masabata atatu mwataya.

Tisa wa Kabwata: Sanataye. Tsiku loyamba sankadziwa, lero ali ndi chogwira: anabwera yekha, pamalo amene akanatha kuchoka, ndipo anauzidwa kuti angapite. Koma a ku Mtendere, ndikuchenjezeniko. Zimenezi zikuonetsa kuti amamasuka nanu. Sizinanene kuti akufuna chibwenzi. Mtsikana amene wabwera kumene mutauni, wopanda anzake ambiri, angafune mlongo womudalira basi. Mukamufunsira n'kukana, musadzamuchotsere ulemu umene mwamupatsawu.

Nyamazai: Za Chichewa zija anati chiyani?

Wa ku Mtendere: Anati sankadziwa kuti ndimachimva, ankaganiza kuti ndizimuseka monga amachitira anzake kosoka. Ndipo ndinamufunsa mosabisa za pageti. Ndinati, "Ngati kuima nanu kuja kumakuvutani, ndiuzeni, ndisiya ndipo sindikwiya." Anakhala chete nthawi yaitali, ndinawerenga mpaka khumi kawiri. Kenako anati kucheza sikumuvuta, koma pageti pamamuvuta, chifukwa amayi ena anayamba kale kufunsa azakhali ake kuti mnyamata uja ndi wa kwa yani. Anati masiku ena ankafuna kuchoka koma ankaopa kuti ndiona ngati mwano, masiku ena ankafuna kukhala.

Amake Taonga: Wamva mwananga? Azakhali afunsidwa kale. Ngati maganizo ako ndi abwino usachedwe kudziwika kwa akulu, mwana wa eni asanyamule mbiri yekha.

Mjomba Zulu: Amayi, musamuthamangitse. Mtsikanayo wangoyamba kumene kutsegula pakamwa. Mukabweretsa akulu lero abwerera ku "eee". Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amake Taonga: Kudekha kwa mwamuna n'kosavuta a Zulu, amene amanenedwa kumpingo ndi mkazi.

Madamu a ku Chelstone: Pa ichi sindingagamule, nonse muli ndi mfundo. Ndingoti amene angadziwe liwiro loyenera ndi mwini wake, ndipo tsopano waonetsa kuti akafunsidwa bwino amayankha. Za mtima wanu mwamuuza?

Wa ku Mtendere: Ndinamuuza dzulo pa foni kuti ndimamufuna, osati ngati mlongo, ndipo kuti asayankhe msanga, ndipo akakana kukwaya tidzaimba monga kale. Anawerenga nthawi yomweyo. Yankho linabwera m'mawa uno: "Ndamva. Mundipatse nthawi, ndikufuna nditsirize kaye kosi mu Ogasiti." Pansi pake anawonjezera kuti shati imene ndinavala Loweruka kolala yake inasokedwa mokhota, ndibwere nayo Lachinayi m'pulasitiki ndimupatsire m'kati mwa tchalitchi, osati pageti.

Tisa wa Kabwata: "Mundipatse nthawi" ndinanenapo ine kwa munthu amene ndinkamufuna, ndinanenaponso kwa amene ndinkaopa kumukana. Musamufunsenso mpaka Ogasiti adutse.

Bwana Kondakitala: Koma shati akufuna kusoka.

Wa ku Mtendere: Shati ndaichapa, ili pa chingwe. Za Ogasiti ndamva, alongo, sindifunsanso.